Tchanelo Chikayamba Kubweretsa Ndalama: Buku, Mkonzi ndi Satifiketi

Tchanelo cha pa YouTube chikamakula, tsiku lina mwini wake amalandira foni yochokera ku kampani. Amamuuza kuti aona mavidiyo ake, awakonda, ndipo akufuna kuti azitchula malonda awo. Mtengo amagwirizana bwinobwino. Kenako a ku ofesi ya zachuma amamupempha zinthu zitatu: invoyisi, nambala ya msonkho ya TPIN ndi akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesi. Anthu ambiri aluso amagwera pamenepa. Ali ndi otsatira zikwizikwi, koma ndalama zawo zonse zimalowera mu nambala yomweyo imene amagulira ndiwo ndi kulipirira fizi ya ana, ndipo pepala lililonse losonyeza kuti amachita bizinesi alibe.

Kuti tchanelo chisanduke bizinesi pamafunika zinthu zitatu, ndipo zimayenda motsogozana. Buku la ndalama ndilo limayamba, chifukwa ndilo limakuuzani ngati mungakwanitse kulipira munthu wokonza mavidiyo. Mkonziyo akabwera, ntchito imachuluka ndipo mumayamba kuchita malonda ndi makampani. Makampaniwo ndi amene amakufikitsani ku ofesi yolembetsa mabizinesi. Amene amayambira kumapeto, kuthamangira satifiketi ndi chidindo asanadziwe ngati akupindula, amakhala ndi mapepala okongola a bizinesi imene kulibe.

Ndalama za tchanelo zimachokera kuti

YouTube imagawana ndalama za otsatsa malonda ndi eni matchanelo amene alowa mu dongosolo lake la YouTube Partner Program. Kuti munthu azilandira ndalama zimenezi amafunika otsatira 1,000 komanso maola 4,000 amene anthu aonera mavidiyo ake m'miyezi 12 yapitayo, kapena mavidiyo ake afupiafupi a Shorts akhale ataonedwa ka 10 miliyoni m'masiku 90. Pa mavidiyo aataliatali mwini tchanelo amatenga 55 peresenti ya ndalamazo, ndipo zimatumizidwa zikakwana madola 100 a ku America.

Koma dongosololi silinatsegulidwe m'maiko onse. South Africa, Zimbabwe, Kenya ndi Britain ali pa mndandanda, pamene Malawi wakhala kunja kwa mndandandawo kwa zaka zambiri. Choncho Mmalawi wokhala ku Johannesburg kapena ku Leicester akhoza kudalira ndalama za YouTube, koma wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amapeza zake m'njira zina: sitolo kapena kampani yomulipira kuti atchule malonda ake, anthu omuitana kukajambula ukwati kapena msonkhano ataona luso lake, maphunziro olipiritsa pa WhatsApp, ndi mphatso za oonera pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama zoterezi zimabwera pang'onopang'ono, kuchokera mbali zambiri, pa masiku osadziwika. N'chifukwa chake zimasowa mosavuta ngati palibe pozilemba.

Buku loyamba

Chinthu choyamba si buku ayi, koma kulekanitsa matumba. Gulani simu khadi ina, tsegulani akaunti ya ndalama za pa foni imene izilandira ndi kutulutsa ndalama za tchanelo zokha. Pakutha pa mwezi mudzilipire nokha ndalama yokhazikika kuchokera m'menemo kupita ku nambala yanu ya kunyumba. Wachibale akadwala n'kufunika kutapa m'thumba la tchanelo, tapani ndithu, koma mulembe kuti mwini wake watenga mwakuti tsiku lakuti. Chimene chimapha mabizinesi aang'ono si kuthandiza abale, koma kuthandiza osalemba.

Bukulo likhoza kukhala kope wamba lachikuto cholimba kapena tebulo la pa Google Sheets. Mzere uliwonse ukhale ndi tsiku, amene wapereka kapena walandira ndalama, chifukwa chake, kuchuluka kwake, njira imene yadutsa, ndi vidiyo imene ndalamayo ikukhudza. Gawo lomalizali ndi limene anthu amalidumpha, komatu ndi limene limadzakuuzani kuti vidiyo imodzi imakudyerani ndalama zingati. Lisiti iliyonse ijambuleni pa foni tsiku lomwelo, chifukwa inki ya malisiti a m'masitolo imafufutika pakangopita miyezi yochepa. Pamene palibe lisiti, monga pa minibasi kapena pa kabaza, lembani musanagone.

Tiyerekeze mlimi wina wa ku Mitundu amene ali ndi tchanelo chophunzitsa kaweteredwe ka nkhuku, ndipo amatulutsa mavidiyo anayi pa mwezi. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi komweko kulikonse. M'mwezi woyamba sitolo ya zakudya za nkhuku yamulipira K300,000 kuti aziitchula, wajambula chinkhoswe n'kulandira K250,000, ndipo alimi anzake alipira K80,000 ya maphunziro a pa WhatsApp. Zonse pamodzi ndi K630,000. Mwezi wachiwiri kunalibe chinkhoswe ndipo sitolo ija inapumira, choncho zinalowa K180,000 zokha. Mwezi wachitatu zinalowa K390,000. Munthu wopanda buku amakumbukira mwezi wa K630,000 uja n'kumadziona ngati wa ndalama zimenezo. Buku likunena kuti m'miyezi itatu zalowa K1,200,000, kutanthauza K400,000 pa mwezi.

Tione zotuluka. Bandulo ya intaneti ndi K60,000 pa mwezi, maulendo opita kumakola a alimi K90,000, magetsi K20,000, mayunitsi oimbira foni K10,000. Izi ndi K180,000, ndipo aliyense amaziona. Palinso ndalama ina imene siioneka ikutuluka. Foni yojambulira inagulidwa pa K960,000 ndipo ikhoza kugwira ntchito bwino zaka ziwiri, choncho mwezi uliwonse imatha ndi K40,000. Laputopu ya K1,080,000, ikagawidwa pa zaka zitatu, imatha ndi K30,000 pa mwezi. K70,000 imeneyi iyenera kusungidwa padera mwezi ndi mwezi, apo ayi tsiku limene foni idzathime tchanelo nacho chidzathima. Kuidya ndi chimodzimodzi kukazinga mbewu imene unasungira dzinja.

Zotuluka zonse tsopano ndi K250,000. Vidiyo iliyonse ikudya K62,500, ndipo chotsala pa mwezi ndi K150,000, mwini wake asanadzilipire. Manambala awiriwa ndi amene amafunika pokambirana ndi wotsatsa malonda. Munthu akabwera ndi K40,000 kuti mumupangire vidiyo yapadera, mumadziwa kuti mukavomera mukhala mukumuonjezera ndalama kuchokera m'thumba mwanu.

Kumapeto kwa buku kukhale tsamba la angongole. Otsatsa malonda ambiri salipira tsiku limene vidiyo yatuluka. Amati mudikire kutha kwa mwezi, ena masiku 30 kapena kuposera. Lembani tsiku limene munatumiza invoyisi, tsiku limene analonjeza, ndi tsiku limene ndalama yafikadi. Mukaona kuti tsambali likutalika pamene mu akaunti muli mbee, dziwani kuti vuto lanu si kuchepa kwa oonera koma katoleredwe. Mankhwala ake ndi kupempha theka la ndalama musanayambe kujambula.

Nthawi yolemba mkonzi

Ntchito imene imadya nthawi pa tchanelo si kujambula koma kukonza: kudula zolakwika, kulumikiza zidutswa, kusalaza mawu, kuika zolemba ndi kupanga chithunzi cha pachikuto. Tinene kuti mlimi wathu amatha maola asanu ndi atatu pa vidiyo iliyonse, maola 32 pa mwezi. Wapeza mnyamata wodziwa CapCut ndi DaVinci Resolve amene akufuna K35,000 pa vidiyo. Mavidiyo anayi ndi K140,000. Pa K150,000 yotsala ija pakhala K10,000 yokha, ndipo m'mwezi woipa ngati wachiwiri uja sadzatha kumulipira n'komwe.

Kodi ndiye asamulembe? Funso loyenera ndi lakuti maola 32 amene awomboledwe agwira ntchito yanji. Ngati mlimiyo angopuma, mkonzi ndi katundu wolemera. Ngati m'maolawo apita kukakambirana ndi wogulitsa anapiye kapena mankhwala a ziweto n'kupeza wotsatsa wachiwiri, kapena atsegula gulu lina la maphunziro, mkonzi adzilipira yekha. Njira yosamala ndi kuyamba ndi mavidiyo awiri pa mwezi, K70,000, kwa miyezi itatu, ndipo ndalama ya miyezi itatuyo, K210,000, ikhale ilipo kale musanamuitane. Ikatha miyeziyo, buku lidzaonetsa ngati zolowa zakwera kuposa K70,000 pa mwezi. Zikakwera, muonjezereni ntchito. Zikapanda kukwera, mwataya ndalama yodziwika ndipo simunasiye munthu akulira malipiro.

Musanagwirizane ndi munthu, muyeseni ndi vidiyo imodzi ndipo mumulipire pa ntchito yoyesayo. Muone ngati wabweza pa tsiku limene ananena, ngati mawu akumveka mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, komanso ngati wamvetsa nkhaniyo. Mkonzi wosadziwa za nkhuku akhoza kudula mphindi imene mlimi akufotokoza kasungunulidwe ka katemera wa chitopa chifukwa kwa iye inali yosasangalatsa, pamene ndiyo inali mtima wa vidiyo yonse. N'chifukwa chake vidiyo iliyonse izipita ndi kapepala kofotokoza zimene siziyenera kudulidwa, kutalika kofunika, ndi pamene uthenga wa wotsatsa malonda ulowe. Ganiziraninso kayendedwe ka zojambulazo. Ola limodzi la vidiyo yosakonza limatenga magigabaiti angapo, ndipo kulitumiza pa intaneti kukhoza kumaliza bandulo tsiku limodzi. Ngati mumakhala moyandikana, memore khadi yoperekedwa pamanja ndi yotchipa, bola inu mutsale ndi kope yanu.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale mkonziyo ndi mphwanu kapena mnzanu wa kutchalitchi. Tsamba limodzi ndi lokwanira. Linene mtengo wa vidiyo imodzi ndi kutalika kwake, masiku obwezera ntchito, ndi kuti zokonzanso zaulere ndi kangati, kawiri n'kokwanira. Linene tsiku lolipira. Linenenso momveka kuti vidiyo yomalizidwa, zojambula zosakonza ndi mafailo okonzera ndi za mwini tchanelo, ndi kuti mkonzi akufuna kuonetsa ntchitoyo kwa makasitomala ena ayambe wapempha. Anthu akamasiyana, mkangano waukulu umakhala pa mafailo amene atsalira mu laputopu ya wina.

Mfundo ina yosayenera kusowa ndi ya nyimbo. Mkonzi akaika nyimbo ya mwini wake popanda chilolezo, chilango chimagwera tchanelo, osati iye. Makina a YouTube otchedwa Content ID amazindikira nyimboyo, ndipo mwini nyimbo akhoza kutenga ndalama za vidiyoyo kapena kuitseka. Akadandaula mwalamulo, vidiyo imachotsedwa ndipo tchanelo chimalandira chenjezo. Machenjezo atatu otere akakhalapo nthawi imodzi tchanelo chikhoza kutsekedwa. Kuno kwathu umwini wa nyimbo umatetezedwa ndi lamulo la 2016, ndipo bungwe la COSOMA limaimira oimba. Gwirizanani kuti nyimbo zizichokera mu Audio Library ya YouTube, kapena kwa woimba amene wapereka chilolezo cholembedwa.

Ndipo pasiwedi ya akaunti yanu ya Google musapatse mkonzi. Amene ali nayo akhoza kusintha nambala yotsimikizira n'kukutsekerani kunja kwa tchanelo chanu chomwe. YouTube Studio ili ndi njira yomuitanira ndi imelo yake:

```
Settings > Permissions > Invite
```

Pamenepo musankhe udindo wa `Editor (Limited)`. Udindowu umamulola kukweza mavidiyo ndi kukonza mitu yake, koma saona ndalama zimene tchanelo chikupeza ndipo sangafufute tchanelo. Tsiku limene mwasiyana, mumangochotsa dzina lake pa mndandanda. Pa akaunti yanu yatsani `2-Step Verification`.

Dziwaninso kusiyana kwa waganyu ndi wantchito. Mkonzi amene amagwira ntchito kwawo, pa makina ake, pa nthawi yake, n'kumalipidwa pa vidiyo iliyonse, akukugulitsani luso lake monga kalipentala amachitira. Koma amene amabwera m'mawa uliwonse pa ola limene mwamuuza, kugwiritsa ntchito laputopu yanu n'kulandira malipiro a pa mwezi, ameneyo ndi wantchito wanu ngakhale mutamutchula dzina lina. Lamulo la ntchito la 2000 limamupatsa ufulu wa tchuthi, malipiro osachepera amene boma lakhazikitsa ndi chidziwitso asanachotsedwe. Palinso penshoni, imene lamulo limaika pa 10 peresenti kuchokera kwa wolemba ntchito ndi 5 peresenti kuchokera kwa wantchito, komanso msonkho wa PAYE malipiro akapitirira malire osadulidwa msonkho. Tchanelo cha mavidiyo anayi pa mwezi chimakhala bwino ndi mkonzi wolipidwa pa vidiyo.

Kulembetsa

Nthawi yolembetsa imadziwika ndi zizindikiro zitatu: wotsatsa malonda wapempha invoyisi ndi TPIN, mwayamba kulipira munthu wina mwezi ndi mwezi, kapena mukufuna akaunti ya ku banki ya dzina la tchanelo. Ku Malawi ntchitoyi imayambira ku ofesi yolembetsa mabizinesi ndi makampani, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Registrar General, ndipo ili ndi njira ya pa intaneti yotchedwa MBRS. Mumayamba ndi kufufuza ngati dzina limene mukufuna silinatengedwe kale, n'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi maina awiri kapena atatu. Mumapereka chiphaso cha unzika, malo amene bizinesi ili ndi mtundu wa ntchito yake. Pofotokoza ntchitoyo musangolemba kuti tchanelo. Lembani kuti kujambula ndi kukonza mavidiyo, kutsatsa malonda ndi kuphunzitsa, kuti ntchito zanu zonse zikwanemo.

Pali njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi kulembetsa dzina la bizinesi, pansi pa lamulo la 2012, nokha kapena ndi mnzanu. Ndi yotchipa ndipo ilibe mapepala ambiri, koma pamaso pa lamulo inu ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi: ngongole yake ndi yanu, ndipo wina akasumira tchanelo chifukwa cha zimene zanenedwa mu vidiyo, akusumira inu. Yachiwiri ndi kampani, pansi pa lamulo la makampani la 2013. Kampani imaima payokha, imakhala ndi katundu wake ndi ngongole zake, koma imafuna malipoti a chaka ndi chaka ndi mabuku osungidwa bwino, ndipo kawirikawiri pamafunika akauntanti. Ndalama zake si zanu zoti n'kungotapa. Kwa mlimi wathu wa K400,000 pa mwezi dzina la bizinesi ndi lokwanira. Kampani imayamba kumveka pamene eni ake ndi awiri kapena atatu ofuna kugawana umwini momveka, kapena makontirakiti akula. Ngati muli awiri, lembani kuti akaunti ya Google imene ili ndi tchanelo ndi ya bizinesi, ndi chimene chidzachitike mmodzi akafuna kuchoka.

Mukatenga satifiketi mumapita ku MRA kukalembetsa TPIN, ndipo zambiri za msonkho zimachitikira pa Msonkho Online. Ndi satifiketi ndi TPIN, banki ikhoza kukutsegulirani akaunti ya bizinesi. Ngati mwachita lendi chipinda chojambuliramo, pitaninso ku khonsolo pa nkhani ya laisensi ya malonda.

Apa buku lija limabweranso ndi ntchito yatsopano. Makampani olembetsedwa amalamulidwa kudula msonkho pa ndalama zina asanalipire munthu wowagwirira ntchito. Tiyerekeze kuti mlimi wathu watumiza invoyisi ya K300,000 ku kampani yaikulu ya zakudya za ziweto, ndipo iwo adula 20 peresenti. Mu akaunti mulowa K240,000. Sanamubere. K60,000 yapita ku MRA m'dzina lake, ndipo kampaniyo iyenera kumupatsa satifiketi yotsimikizira zimenezo. M'buku alembe K300,000 ngati yolowa, ndi K60,000 ngati msonkho woperekedwa kale. Popereka lipoti la msonkho la chaka, ndalamayo imachotsedwa pa msonkho umene akuyenera kulipira. Amene sanaitanitse satifiketiyo, kapena amene anapereka TPIN ya mnzake kuti ndalama ituluke msanga, amakhala atalipirira wina msonkho. Malisiti a bandulo, maulendo ndi malipiro a mkonzi nawonso amakhala umboni wa ndalama zimene zinalowa pa ntchito, ndipo popanda umboniwo n'kovuta kusonyeza kuti phindu lanu ndi locheperapo kuposa zonse zimene munalandira. Mkonzi naye azisainira ndalama iliyonse imene walandira.

Invoyisi yokha si yovuta. Ikhale ndi dzina la bizinesi monga lilili pa satifiketi, TPIN, nambala yake yotsatizana ndi ya invoyisi yapita, tsiku, dzina la kasitomala, ntchito imene yagwiridwa, mtengo, akaunti yolipirirako ndi tsiku lomaliza kulipira. Pofotokoza ntchito musalembe mwachidule kuti kutsatsa malonda. Lembani kuti kutchula malonda kwa masekondi 45 m'mavidiyo anayi a mwezi wakuti, kuti pasadzakhale wonena kuti munalonjeza zambiri. Ndipo pokweza vidiyo yotere, chongani bokosi la `Paid promotion` kuti oonera adziwe kuti mwalipidwa. Alimi amene amagula katemera chifukwa cha mawu anu ayenera kudziwa pamene mukulankhula monga mlimi mnzawo ndi pamene mukulankhulira wogulitsa.

Kulembetsa kumabwera ndi udindo umene sutha ngakhale mwezi utaipa. Malipoti a msonkho ali ndi masiku ake, ndipo kuchedwa kuli ndi chindapusa. Tsiku lotenga TPIN, funsani kuti akulembetsani pa misonkho iti ndi masiku operekera malipoti ake, ndipo muwalembe patsamba loyamba la buku. Kenako sankhani tsiku limodzi pa mwezi lotsekera mabuku. Pa tsikulo yerekezani zimene zalembedwa ndi zimene zili mu akaunti ya ku banki ndi ya pa foni, ndipo zikasiyana fufuzani mpaka mupeze chifukwa. Lipirani mkonzi, patulani ndalama ya zipangizo ndi ya msonkho, imbirani foni onse amene ali pa tsamba la angongole, ndipo inu mudzilipire pomalizira.